Bondo Limayankha Mawa Lake: Kuyamba Kupalasa Njinga ndi Kuyenda Pansi Mawondo Akuwawa

Munthu wogwira ntchito ya pa desiki amayamba kulizindikira bondo lake pa tinthu ting'onoting'ono. Mwakhala kuyambira 7:30 mpaka 12 koloko, podzuka mukuyamba mwagwira kaye tebulo. Kukwera masitepe kulibe vuto kwenikweni, koma kutsika ndiye mumachita kusankha mwendo woyamba. Pamaliro mumayang'anayang'ana mpando chifukwa mukakhala pamkeka mudzafuna wokudzutsani. Ndiye kuchipatala akuuzani kuti muzichita masewera olimbitsa thupi, mwina chifukwa cha mimba yomwe yayamba kutsogola, mwina chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Inu nkumadzifunsa kuti bondo lowawa kale ndikalivutitsirenji.

Malangizo ano ndi a munthu ameneyo: wazaka zapakati pa 40 ndi 60, amene bondo limamuwawa pang'onopang'ono kwa miyezi, osati amene anagwa dzulo. Mfundo yake ndi imodzi. Bondo silinena zoona zonse pamene mukuyenda kapena kupalasa. Limayankha mawa lake m'mawa. Amene waphunzira kumva yankho limenelo amadziwa yekha tsiku lowonjezera ndi tsiku lobwerera m'mbuyo.

Yambani mwadziwa bondo lomwe muli nalo

Pali mawondo ena osafunika njinga ayi, ofunika chipatala lero lomwe. Ngati bondo latupa mwadzidzidzi, likutentha mukaligwira, ndipo thupi nalo latentha, musadikire. Chimodzimodzi ngati simungathe kupondera mwendowo, ngati bondo limakakamira pakati osatheka kuliwongola, ngati limangofooka mwadzidzidzi mpaka kufuna kukugwetsani, kapena ngati katumba wa mwendo umodzi watupa ndi kuwawa. Amene mumamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika mukayenda pang'ono, komanso amene muli ndi matenda a shuga kapena a mtima, kambiranani kaye ndi adokotala musanayambe.

Bondo limene tikunena pano lili ndi makhalidwe odziwika. M'mawa limauma, koma pasanathe theka la ola lamasuka. Mukakhala nthawi yaitali limaumanso. Limawawa kutsogolo kapena chakumkati, makamaka potsika masitepe ndi ponjuta, ndipo nthawi zina limalira kuti tsekete-tsekete. Kawirikawiri imeneyi imakhala nyamakazi ya m'mfundo yobwera ndi zaka, kapena kafupa ka kutsogolo kwa bondo kamene kakukhulana ndi fupa la ntchafu. Kulirako kusakuopseni ngati sikukubwera ndi ululu; mawondo ambiri abwinobwino amalira.

Chifukwa chake kuyenda kumathandiza ndi ichi. Mukamadya nkhuku, pansonga ya fupa pamakhala chinthu choyera, choterera, chokukutika. Pansonga za mafupa a bondo lanu pali chomwecho. Chilibe mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera m'madzi a m'bondo momwemo, ndipo madziwo amalowa ndi kutuluka pamene bondo likupindika ndi kuwongoka, likupanikizidwa ndi kumasulidwa, monga chinkhupule m'beseni. Mpando wa mu ofesi umalimana bondo zimenezi kwa maola asanu ndi atatu. Umafooketsanso minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, yomwe ntchito yake ndi kulandira thupi pa sitepe iliyonse. Minofuyo ikafooka, katundu yense amagwera pamfundo.

Njinga kapena pansi?

Poyenda pansi pamalo osalala, bondo limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lanu kawiri kapena katatu pa sitepe iliyonse. Potsika masitepe imaposa pamenepo. Popalasa njinga mopepuka, mutakhala pachishalo, mphamvuyo imangoyandikira kulemera kwa thupi lanulo, chifukwa chishalo chakunyamulirani. Munthu wa makilogalamu 88 akamayenda, bondo lake likulandira makilogalamu oposa 200 pa sitepe. Akamapalasa bwino, pafupifupi theka lake.

Ndiye ngati bondo limayamba kudandaula musanayende mphindi 15, njinga ikhale ntchito yaikulu, kuyenda kukhale kothandizira. Sindikunena kuti musiye kuyenda. Mafupa amafuna kunyamula thupi kuti akhale olimba, ndipo moyo wa tsiku ndi tsiku, kumsika, kusiteji, kutchalitchi, ndi wa miyendo. Koma poyambira pabwino ndi pomwe bondo likuvomera. Alipo ena, makamaka amene ululu wawo uli pa kafupa ka kutsogolo kaja, amene kupinda bondo panjinga kumawavuta kuposa kuyenda. Amenewo atembenuze: kuyenda kutsogole, njinga itsatire.

Malo omwe mukukhala nawo ali ndi mawu. Ku Lilongwe misewu yambiri ndi yoyalana bwino, moti kupeza makilomita atatu opanda chitunda sikuvuta. Wa ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Zomba ayenera kuchita kufunafuna kamsewu kosalala, ndipo njinga yopanda magiya kumeneko ndi chilango.

Chishalo: apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa

Ndikhalitsa pano, chifukwa anthu ambiri amene amati njinga inawapweteka mawondo, chinawapweteka ndi chishalo. Tinazolowera kuyambira tili ana kuti njinga yabwino ndi imene ukakhala pachishalo mapazi onse awiri amaponda pansi. Imeneyo ndi yotsika kwambiri. Chishalo chikatsika, bondo limapindika kwambiri pomwe pedulo ili pamwamba, ndipo pomwepo ndi pomwe mukukankha. Kafupa ka kutsogolo kaja kamafinyidwa pa fupa la ntchafu kambirimbiri pa ulendo umodzi. Taonani a kabaza ambiri mmene mawondo awo amakwerera kufika kufupi ndi chiwongolero. Iwo amatsitsa dala kuti aziponda pansi msanga akanyamula munthu, ndipo ambiri ndi anyamata. Inu musatengere.

Chitani chonchi. Valani nsapato zomwe muzipalasira. Imikani njinga pafupi ndi khoma, kapena wina akugwirireni. Khalani pachishalo, tsitsani pedulo imodzi mpaka pansi penipeni, muikepo chidendene. Mwendo uyenera kuwongoka wonse, popanda chiuno kupendekera mbali imeneyo. Ngati bondo likadali lopindika, kwezani chishalo. Ngati chidendene chikuchita kunyanyamphira kuti chifike, tsitsani. Mukapeza pamenepo, sunthani phazi kuti pedulo ikhale pansi pa malo otambalala a kuseri kwa zala, pomwe pali polumikizira chala chachikulu. Tsopano bondo likhala lopindika pang'ono pedulo ili pansi, ndipo umo ndi mmene liyenera kukhalira.

Amene mumakonda tepi, pali njira yotsimikizira. Imani opanda nsapato, msana kukhoma, mupanire buku lolimba pakati pa miyendo mpaka kumtunda, wina ayeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Nambala imeneyo muichulukitse ndi 1.09. Ngati mwapeza masentimita 80, yankho ndi 87. Amenewo ndi masentimita ochokera pa pedulo, itatsikira pansi motsata chitsulo chomwe chanyamula chishalo, kufika pamwamba pa chishalo. Nambala imeneyi ndi poyambira chabe, bondo ndiye limaliza mlandu.

Limaliza motere. Likamawawa kutsogolo, nthawi zambiri chishalo ndi chotsika. Likamakoka kuseri, kapena mukamaona kuti chiuno chikugwedezeka uku ndi uku popalasa, chakwera kwambiri. Musinthe theka la sentimita pa nthawi imodzi, mupalase kawiri kapena katatu, kenako muone. Lembani chizindikiro pa chitsulocho ndi penti kapena tepi yomata, chifukwa Loweruka mwana akabwereka njinga adzatsitsa ndipo sadzakuuzani. Onaninso kuti pa chitsulo cha chishalo pamakhala kamzere kosonyeza malire okwezera. Kamzereko kakaonekera kunja koma chishalo chikadali chotsika, njingayo ndi yaing'ono kwa inu. Musakakamize, chitsulo chitha kuthyoka.

Chishalo chikhale chosapendekeka. Ikani buku pamwamba pake muone ngati lagona bwino. Chikaloza pansi mumatsetserekera kutsogolo, manja ndi mawondo nkumagwira ntchito yokubwezani. Poyamba mudzachita mantha kuti mapazi sakufika bwino pansi. Poima, tsikani pachishalo, muime pakati pa njinga phazi limodzi lili pansi. Yesererani pabwalo kangapo musanalowe mumsewu.

Giya yopepuka, miyendo yofulumira

Cholakwa chachiwiri ndi cha mtima wachimuna: kuganiza kuti giya yolemera ndiye masewera enieni. Kwa bondo lowawa ndi zosiyana. Ndi bwino kuzungulitsa mapedulo kambiri ndi mphamvu yochepa kusiyana ndi kukankha mwamphamvu kochepa. Werengani kuti bondo lakumanja lakwera kangati m'masekondi 15. Mukapeza pakati pa 18 ndi 22, muli bwino. Mukapeza 12 kapena 13, giya yalemera, ngakhale inu mukumva kukoma.

Pa njinga ya magiya, tcheni chikakhala pa mbale ya mano yaikulu kumbuyo ndi yaing'ono kapena yapakati kutsogolo, kupalasa kumapepuka. Sinthani chitunda chisanakufikeni, osati mutayamba kale kulimbana nacho. Sinthaninso musanaime pamphambano, chifukwa kunyamuka pa giya yolemera ndi kumene kumabaya bondo. Miyezi iwiri yoyamba musapalase choimirira. Ngati njinga yanu ndi ya giya imodzi, ngati zija zonyamulira makala, igwiritseni ntchito posalala pokha, ndipo chitunda chikabwera tsikani muikankhe. Palibe amene akukulemberani malikisi. Matayala muziwapopa mokwanira, chifukwa tayala lofewa limalemeretsa njinga ngati mwanyamula thumba.

Kuyenda kwake

Pa kuyenda palibe zambiri zokonza. Tengani nsapato zanu muziike patebulo, muziyang'ane chakumbuyo. Ngati chidendene chadyeka mbali imodzi moti nsapato yapendekeka, isiyeni. Mukufuna nsapato yopepuka, yosalala pansi, yomanga ndi zingwe, yosapanikiza zala. Pa kaunjika zimapezeka, bola muone kuti pansi pake sipanathe kale. Nsapato za gogoda ndi mapatapata zikhale za ntchito zina. Peyala imodzi muzisiya mu dirowa ya ku ofesi, chifukwa nthawi ya nkhomaliro ndiyo yomwe ambiri amaipeza.

Sankhani posalala. Bwalo la mpira la pasukulu ndi labwino: dothi lake ndi lofewerapo kuposa tala, ndipo kulizungulira katatu ndi pafupifupi kilomita imodzi. Ubwino wina wa bwalo ndi wakuti bondo likakana muli pafupi ndi pokhala. Pewani kutsetsereka kwautali, chifukwa kutsika ndiko kumalemetsa bondo kuposa kukwera. M'mphepete mwa msewu mumakhala mopendekeka kuti madzi azitsika, choncho mwendo umodzi umaponda mmunsi nthawi zonse. Ngati mungathe pezani kanjira koyalana. Mumsewu wa magalimoto yendani kumanja, kuti zobwera muziziona.

Mapazi musamawaponye patali. Masitepe afupiafupi, ofulumira pang'ono, ndi amene bondo limawakonda. Liwiro loyenera, kaya pansi kaya panjinga, ndi lomwe mungathe kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba vesi yonse ya nyimbo osapumira.

Kumva yankho la bondo

Tsopano tafika pamtima pa nkhani. Pezani kakope, kapena gwiritsani ntchito tsamba la kumapeto kwa dayale ya ku ntchito. Ululu muziupatsa nambala kuyambira 0, pomwe palibe chilichonse, mpaka 10, pomwe simungapirire. Musanayambe chilichonse, lembani nambala ya m'mawa kwa masiku atatu: mukangodzuka, mwayenda kupita kubafa, mwatsika sitepe ya pakhonde. Imeneyo ndiyo nambala yanu ya masiku onse.

Pamene mukuyenda kapena kupalasa, ululu wofika pa 3 kapena 4 ndi wololedwa. Sukutanthauza kuti mukuwononga bondo. Nthawi zambiri mphindi zisanu zoyamba zimakhala zowawa, kenako bondo limafunda nkumasuka. Chosaloledwa ndi ululu wobaya, ululu womwe ukukwera mphindi iliyonse, kapena womwe wakuyambitsani kutsimphina. Zikatero lekani, mubwerere kunyumba mwapang'onopang'ono.

Mawa lake m'mawa funsani bondo mafunso awiri. Loyamba: nambala yabwerera pa ya masiku onse? Lachiwiri: latupa? Kuti mudziwe kutupa, khalani pabedi miyendo yonse itawongoka, muyerekeze mawondo awiriwo. M'mbali mwa kafupa ka kutsogolo mumakhala timaenje tiwiri. Bondo likadzaza madzi timaenjeto timafufutika. Yesaninso kukokera chidendene kumatako: bondo lotupa limamveka lothina, losafika pomwe limafika masiku onse.

Ngati nambala yabwerera ndipo palibe kutupa, muyeso wa dzulo unali woyenera. Ngati nambala yakwera ndipo yakhala choncho kupitirira tsiku lathunthu, kapena bondo latupa, munapyola. Si kuti mwalephera kapena kuti masewera sakukuyanjani. Mwangopeza pomwe malire ali sabata ino.

Chenjezo limodzi. Musamamwe mankhwala opha ululu musananyamuke ndi cholinga choti mupite patali, chifukwa mukutseka pakamwa mboni yomwe mukuidalira. Komanso mankhwala monga bulufeni ndi dikulofenaki, omwe ambiri amangogula okha, akamwedwa masiku ambiri amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuvutitsa impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Pa msinkhu uno si oti muzingomeza ngati mtedza.

Titsate munthu mmodzi

Tiyerekeze bambo wa zaka 48, wowerengera ndalama pa ofesi ina ku Lilongwe, wolemera makilogalamu 88. Bondo lakumanja limamuwawa chakumkati ndi kutsogolo, m'mawa lili pa 2, potsika masitepe limafika pa 4. Ali ndi njinga ya magiya yomwe yakhala m'khonde zaka ziwiri. Wakaipititsa kwa okonza njinga, amuthirira mafuta patcheni, amumangira mabuleki, ndipo poyeza wapeza kuti chishalo chinali chotsika ndi masentimita anayi athunthu.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri akupalasa mphindi 10 Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, m'mawa asanasambe, kuzungulira misewu ya m'dera lawo. Lachiwiri ndi Lachisanu akuyenda mphindi 10 nthawi ya nkhomaliro, zisanu popita, zisanu pobwera. Zonse pamodzi ndi mphindi 50 pa sabata. Zikuoneka zochepa mochititsa manyazi, ndipo mtima ndi mapapo ake angathe zambiri. Koma mtima umazolowera msanga kuposa mfundo ndi mitsempha yake, ndipo msampha uli pomwepo: munthu amamva mphamvu pachifuwa bondo lisanakonzeke.

M'mawa uliwonse nambala ili pa 2. Sabata yachitatu wawonjezera njinga kufika mphindi 13, kuyenda wakusiya pa 10. Amasintha chinthu chimodzi pa sabata: nthawi, kapena liwiro, kapena chitunda, osati ziwiri pamodzi. Akasintha ziwiri bondo nkudandaula, sangadziwe chomwe chalakwa. Sabata yachinayi njinga ili pa 15, ndipo yachisanu wakweza kuyenda kufika 13.

Loweruka la sabata yachisanuyo kunja kwacha bwino, thupi likumveka lopepuka, mnzake wamuitana. Apalasa mphindi 45, ndipo pobwerera pali chitunda chomwe wachikwera choimirira pa giya yolemera, kuopa kutsalira. Panjira bondo silinanene kanthu. Lamlungu m'mawa lili pa 5, timaenje tija tafufutika, kutchalitchi walephera kugwada. Lolemba likadali pa 4.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amabweza njinga m'khonde nkumauza anzawo kuti anayesa koma sizinawayanje. Iye akuchita zina. Kwa masiku atatu sakupalasa, koma sakugonanso: akuyendayenda m'nyumba ndi mu ofesi monga mwa masiku onse, madzulo akuika madzi oundana okulunga m'kansalu pabondo kwa mphindi 15, mwendo atautsamiritsa pa pilo. Lachinayi kutupa kwatha, nambala ili pa 2. Lachisanu wapalasa mphindi 8, theka la pomwe anali, posalala. Loweruka m'mawa bondo lili chete. M'sabata imodzi ndi theka wabwerera pa 15. Wataya masabata awiri, osati chaka.

Kuchokera apo akuwonjezera mphindi ziwiri kapena zitatu pa sabata, ndipo sabata ina akaona kuti nambala yakwera pang'ono amangobwereza muyeso womwewo. Patapita miyezi inayi kapena isanu ali pa njinga mphindi 30 katatu ndi kuyenda mphindi 20 katatu. Imeneyo ndi mphindi 150 pa sabata, yomwe ndi nambala yochepetsetsa imene bungwe loona za umoyo padziko lonse limalimbikitsa kwa akuluakulu m'malangizo ake a 2020. Nambala imeneyi ndi kofikira. Amene amayambira pomwepo sabata yoyamba ndi amene timawaona akutsimphina pa masitepe Lolemba.

Za kulemera kwa thupi, njinga yokha siitsitsa sikelo kwambiri ngati mbale ya nsima ndi zakumwa zotsekemera zili chimodzimodzi. Koma kilogalamu iliyonse yomwe yachoka imachotsera bondo katundu wa makilogalamu pafupifupi anayi pa sitepe iliyonse. Bambo uja akatsika kuchoka pa 88 kufika pa 83, bondo lapepukidwa ndi makilogalamu 20 nthawi iliyonse akaponda.

Mpando wa mu ofesi nawo ugwire ntchito

Kuyenda ndi kupalasa pazokha sizilimbitsa ntchafu mokwanira, ndipo malangizo omwe aja a 2020 amanenanso za kulimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Simukufunika zitsulo. Tengani mpando wolimba, wopanda matayala, muutsamiritse kukhoma. Khalani chakutsogolo kwake, mapazi motalikirana ngati mapewa, manja pachifuwa. Imirirani, kenako khalani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 3, osadzigwetsa. Mawondo aloze komwe zala zaloza, asagwere mkati. Chitani kasanu ndi katatu, mupume, mubwerezenso. Ngati zikuwawa, ikani khushoni kuti mpando ukwere, kapena thandizirani ndi manja. Kukhala pang'onopang'onoko ndiko kumaphunzitsa ntchafu ntchito yomwe imafunika potsika masitepe.

China mungachite muli pa desiki pomwepo: wongolani mwendo umodzi mpaka uthere, zala ziloze kumwamba, limbitsani ntchafu masekondi asanu, tsitsani. Kakhumi mwendo uliwonse. Ndipo musalole kuti ola lithe musanadzuke. Fayilo ya ku ofesi yoyandikana kaperekeni nokha m'malo motuma mesenjala. Mukakhala, mapazi musawakokere pansi pa mpando, chifukwa bondo lopindika kwambiri kwa nthawi yaitali ndilo limauma.

Pa masiku omwe bondo lakwiya, masitepe ali ndi lamulo lake: pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wowawa, dzanja lili pa chogwirira.

Nyengo ndi msewu

Mu Okutobala ndi Novembala kuyenda masana kumakhala kodzizunza. Sunthirani m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo nyamulani madzi. Mu Juni ndi Julaye bondo limatenga nthawi kuti lifunde, choncho valani buluku lalitali ndipo mphindi zisanu zoyamba zikhale zaulesi. Miyezi imeneyi kumadanso msanga, moti woweruka 5 koloko amapeza mdima ali panjira: nyali kutsogolo, chonyezimira kumbuyo, chovala chowala, ndi chisoti. Nthawi ya dzinja matope ndi oterera, ndipo kuterereka kamodzi kungapotokole bondo kuposa miyezi yonse ya kupalasa. Mvula ikakutsekerezani sabata yathunthu, pitirizani za pampando zija ndi kuyenda m'khonde, ndipo pobwerera musayambire pomwe munasiyira. Chotsaniko gawo limodzi mwa magawo atatu.

Kupalasa kupita kuntchito kumakopa, makamaka mafuta a galimoto akamavuta, koma kusakhale koyambirira. Ulendo wa ku ntchito sulola kubwerera pakati bondo likakana, uli ndi nthawi yoti mufike, ndipo madzulo muyenera kuubwereza mutatopa. Dikirani mpaka mutamapalasa mphindi 30 popanda yankho loipa, ndiye muyese njirayo Loweruka, kenako tsiku limodzi pa sabata.

Ngati mwatsata zonsezi kwa masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu koma nambala ya m'mawa ikukwerabe, bondo likutupa ngakhale ndi mphindi 10 zokha, kapena layamba kukudzutsani usiku, pitani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi a mafizo. Zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre zili ndi nthambi imeneyi. Tengani kakope kaja, nsapato zomwe mumayendera, ndi chithunzi cha pafoni chomwe wina wakujambulani cham'mbali muli panjinga, pedulo ili pansi.